Nambala ya 0.98 si yokhazikika pa fyuluta yopezera kupendekeka

"Ingoikani 0.98 ku jayirosikopu ndi 0.02 ku akiselerometa, zimagwira paliponse."

Malangizo amenewa ndi a fyuluta yomwe imapeza ngodya ya kupendekeka pophatikiza miyezo ya jayirosikopu, kachipangizo koyeza liwiro la kuzungulira, ndi ya akiselerometa, kachipangizo koyeza kusintha kwa liwiro. Afala kwa zaka zambiri, koma amaiwala kuti 0.98 payokha sitanthauza kanthu ngati sitikudziwa nthawi yomwe imadutsa pakati pa miyezo iwiri yotsatizana, nthawi yotchedwa `dt`.

```
angle = a*(angle + gyro*dt) + (1-a)*acc
tau = a*dt/(1-a)
```

Apa `a` ndi 0.98 ija. Chofunika kusankha ndi `tau`, yomwe ndi nthawi m'masekondi: kusintha kofulumira kuposa nthawi imeneyi fyuluta imakutenga ku jayirosikopu, pomwe kusintha kwapang'onopang'ono imakutenga ku akiselerometa, yomwe imatsatira mphamvu yokokera pansi koma imasokonezeka chipangizo chikamanjenjemera.

Mukamayeza ka 100 pa sekondi, `dt` ndi 0.01 ndipo `tau` ndi masekondi 0.49. Jayirosikopu ikamanama ndi madigiri 2 pa sekondi chipangizo chili chikhalire, ngodya imaphonya ndi pafupifupi digiri imodzi, chifukwa kuphonyako ndi bodzalo kuchulukitsa ndi `tau`. Pulogalamu ikachedwa mpaka ka 20 pa sekondi (kusindikiza zambiri pa sikirini kumachititsa zimenezi kawirikawiri), 0.98 yomweyo imapereka masekondi 2.45, ndipo kuphonya kumafika madigiri 4.9. Yambani ndi `tau`, muyeze `dt` yeniyeni, kenaka muwerengere `a = tau/(tau+dt)`.