Kukula kwa msewu si liwiro la galimoto

Ambiri akagula intaneti ya 20 Mbps amaganiza kuti agula liwiro. Ayi, agula kukula kwa msewu.

Taganizirani msewu wa M1 wochokera ku Kanengo kulowa m'tauni. Bandiwidifi ndi kuchuluka kwa mizere yodutsamo galimoto. Letensi ndi nthawi imene galimoto imodzi imatenga kuti ipite n'kubwerako, ndipo imayezedwa m'mamilisekondi; mamilisekondi 1,000 ndi sekondi imodzi. Thuruputi ndi katundu amene wafikadi pa sekondi iliyonse, mutachotsa wogwa m'njira ndi wochedwa pa mzere.

Chimene chimasokoneza anthu ndi ichi: msewu ungakhale wotakasuka koma katundu n'kumafika wochepa. Kompyuta yotumiza kudzera mu TCP, ndondomeko imene makompyuta amatsata potumizirana deta, imatumiza mtolo umodzi, kenako imadikira uthenga wakuti wafika isanawonjezere wina. Tiyerekeze kuti mtolowo ndi makilobayiti 64, ndipo seva, kompyuta imene ikukutumizirani detayo, ili ku Ulaya, ulendo wopita n'kubwera ukutenga mamilisekondi 200. Ndiye kuti pa sekondi pamadutsa mitolo isanu yokha, makilobayiti 320, pafupifupi 2.6 Mbps. Mwalipira 20, mukulandira zosakwana 3. Mutagula 100 Mbps sizingasinthe kanthu, chifukwa kuwonjezera mizere sikufupikitsa mtunda. Makompyuta amakono amatha kukulitsa mtolowo, komabe mapaketi, tizidutswa ta deta timene timapanga mtolowo, akayamba kutayika amauchepetsanso.

Kuti mudziwe pamene pali vuto, tsegulani Command Prompt kapena Terminal pa kompyuta yanu n'kulemba:

```
ping 8.8.8.8
```

Yang'anani nambala ya `time`; imeneyo ndiyo letensi. Kenako yambani kukopera fayilo yaikulu n'kuyesanso. Nambalayo ikakwera kwambiri, ndiye kuti msewu wadzadza ndipo mapaketi ali pa mzere; apo bandiwidifi yowonjezera ingathandize. Ikakhala yokwera ngakhale palibe amene akukopera kanthu, vuto ndi mtunda kapena njira imene deta ikudzera.