Phindu lalikulu mulifunefune pa ngodya

Ophunzira ambiri amene ndawaona akulephera masamu a liniya pulogalamingi, omwe ndi ofufuza njira yopindulira kwambiri ndi zinthu zochepa zimene munthu ali nazo, salakwa pojambula galafu. Amalakwa poyambirira penipeni, posandutsa mawu a funso kukhala manambala.

Nali funso. Kalipentala ali ndi matabwa 40 ndi maola 36 ogwirira ntchito. Tebulo limodzi limadya matabwa 4 ndi maola 2, ndipo limabweretsa phindu la 5. Mpando umodzi umadya matabwa 2 ndi maola 3, phindu lake ndi 4. Apange zingati kuti apindule kwambiri?

Yambani mwadzifunsa kuti: kodi munthuyu akusankha chiyani? Matabwa ndi maola sakusankha, n'zimene ali nazo kale. Akusankha chiwerengero cha matebulo, chomwe titche x, ndi cha mipando, chomwe titche y. Phindu lonse titche P. Kenako chilichonse chimene chingamuthere chikhale ndi mzere wakewake:

```
P = 5x + 4y
4x + 2y ≤ 40
2x + 3y ≤ 36
x ≥ 0, y ≥ 0
```

Apa m'pamene ambiri amaterereka. Amalemba 4x + 2x, kusakaniza matabwa ndi maola a tebulo mumzere umodzi. Mzere wa matabwa ukhale wa matabwa okhaokha. Samalaninso mawu: "osapitirira" ndi ≤, pomwe "osachepera" ndi ≥.

Tsopano galafu. Mzere wa matabwa umadula pa (10, 0) ndi (0, 20), wa maola pa (18, 0) ndi (0, 12). Mukakayika kuti mbali yololedwa ndi iti, yesani (0, 0). Popeza 0 sapitirira 40 kapena 36, mbali imene kuli (0, 0) ndiyo yathu. Mizere iwiriyi ikumana pa (6, 8).

Dera limene lili ku mbali yololedwa ya mizere yonse lili ndi ngodya zinayi. Chifukwa phindu limakwera mofanana pa tebulo kapena mpando uliwonse wowonjezera, silingafike pachimake m'kati mwa dera, limakankhikira mpaka kumalire, pa ngodya. Pa (0, 0) palibe phindu. Matebulo 10 okha apereka 50, mipando 12 yokha 48, koma matebulo 6 ndi mipando 8 apereka 62. Bwererani ku funso mukatsimikize: matabwa ndi 24 kuphatikiza 16, maola ndi 12 kuphatikiza 24. Zonse zatha ndendende.

Musazolowere kuganiza kuti pokumana mizere ndiye yankho nthawi zonse. Phindu la tebulo litakwera kufika pa 9, ngodya ya (6, 8) ingapereke 86, pomwe (10, 0) ingapereke 90, ngakhale maola 16 atsala osagwiritsidwa ntchito.

Zosankha zikachuluka kupitirira ziwiri, galafu imavuta kujambula. Pamenepo timagwiritsa ntchito njira ya simpulekisi imene katswiri wa masamu George Dantzig anaitulukira mu 1947: manambala amaikidwa m'mizere ndi m'mipata, ndipo sitepe iliyonse imatichotsa pa ngodya ina kupita pa yoyandikana nayo, mpaka pamene palibenso yoposa.