Chifukwa chimene masamba amasunthira mukatsegula chikalata m'pulogalamu ina

Anthu ambiri amaganiza kuti fayilo ya chikalata imasunga masamba monga momwe akuonekera pakompyuta, koma fayilo ya DOCX kapena ya ODT sigwira ntchito motero. Chimene imasunga ndi mawu pamodzi ndi malangizo a kaikidwe kake, ndipo pulogalamu iliyonse, kaya Microsoft Word kaya LibreOffice Writer, imayala yokha mizere ndi masamba nthawi iliyonse imene fayiloyo yatsegulidwa. N'chifukwa chake poyang'ana chikalata chimene chasamutsidwa ndimalangiza kuyambira pa zilembo, kenako mipata, ndipo malire a masamba pomalizira, pakuti kukonza malirewo poyamba n'kudzipatsa ntchito yobwereza.

Tiyerekeze kuti lipoti la masamba 30 lalembedwa mu Word ndi fonti ya Calibri, kukula kwake 11, ndipo wolembayo, pofuna kuti mutu wachiwiri uyambire patsamba latsopano, anadina Enter kasanu ndi kanayi. Mnzake walitsegula mu Writer pakompyuta imene ilibe Calibri. Pulogalamuyo sikana kutsegula, imangotenga fonti ina imene ilipo, ndipo ngati zilembo zake zili zotambalala pang'ono, ndime ya mizere 6 imakhala ya mizere 7. Mzere umodzi sudetsa nkhawa, koma ndime zikachuluka, mawu a mutu woyamba amatsika ndithu, mizere yopanda kanthu ija imakankhidwira patsamba lotsatira, ndipo mutu wachiwiri umapezeka pakati pa tsamba, pamwamba pake pali poyera.

Vutoli limadziwika msanga, chifukwa Writer imaonetsa dzina la fonti yosowayo mopendekera m'kabokosi ka mafonti. Njira yabwino ndi kuika Carlito, fonti yaulere imene zilembo zake zinapangidwa kuti zifanane m'lifupi ndi za Calibri, kotero kuti mizere imathera pamalo omwewo ngakhale maonekedwe a zilembo ali osiyana pang'ono. Caladea imalowa m'malo mwa Cambria mwanjira yomweyo, Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman, ndipo Liberation Sans m'malo mwa Arial.

Zilembo zikakhala bwino, onetsani zizindikiro zobisika podina Ctrl+Shift+8 mu Word kapena Ctrl+F10 mu Writer. Apa mpamene chikalata chimaulula mmene chinalembedwera: chizindikiro cha ¶ chikaima chokha pamzere, ndiye kuti ndime imeneyo ilibe mawu ndipo inaikidwa pongofuna mpata. Mpata weniweni umayenera kukhala m'sitayilo. Mwachitsanzo, sitayilo ya Normal mu Word 2016 imasiya mapointi 8 pansi pa ndime iliyonse ndipo imatalikitsa mizere ndi 1.08, choncho mawu amene akopedwa n'kuikidwa m'chikalata chatsopano cha pulogalamu ina angathe kutenga miyezo ya kumeneko, ndime n'kupanikizana. Mitu nayo iyang'aniridwe. Dinani F5 mu Writer kuti mutsegule Navigator, kabokosi koonetsa mndandanda wa mitu ya m'chikalatacho. Mutu umene sukuoneka pamndandandawo nthawi zambiri sunapatsidwe sitayilo ya Heading 1 kapena Heading 2, unangodetsedwa ndi kukulitsidwa pamanja, ndipo ndandanda ya zamkatimu idzaudumpha.

Tikabwerera ku lipoti lija, mizere 9 yopanda kanthuyo ichotsedwe. Ctrl+Enter imadula tsamba m'mapulogalamu onse awiri, koma ine ndimaona kuti ndi bwino koposa kuika lamuloli m'sitayilo ya Heading 1 posankha Page break before mu Word, kuti mutu uliwonse uziyambira patsamba latsopano ngakhale mawu a mutu wapitawo atatalika. Samalani kuti musagwiritse njira zonse ziwiri pamutu umodzi, chifukwa zimenezi zikhoza kubala tsamba loyera. Mitu ing'onoing'ono ikhale ndi Keep with next, kuti isatsale yokha pansi pa tsamba pamene ndime yake yapita patsamba lina.

Povuta kwenikweni ndi pamene chikalata chili ndi tsamba lopingasa la tebulo lalikulu, kapena manambala a masamba amene amayambanso pa 1 mawu oyamba akatha. Word imayendetsa zimenezi pogawa chikalata m'zigawo, pamene Writer imagwiritsa ntchito masitayilo a masamba, ndipo pomasulira njira imodzi kukhala inzake mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba nthawi zina amasokonekera. Malo otere ayang'anidwe limodzilimodzi, pamodzi ndi kukula kwa pepala, pakuti Letter ndi lalifupi kuposa A4 ndi mamilimita pafupifupi 18.

Kuti mukhale ndi choyerekezera, pemphani wolembayo atulutse PDF m'pulogalamu imene analembera, muiike pambali pa chikalata chosamutsidwacho, ndipo muyerekeze mawu omaliza a tsamba lililonse. Tsamba loyamba limene mawuwo asiyana ndi pamene muyenera kuyambira kufufuza, ndipo ndandanda ya zamkatimu muikonzenso mukamaliza zonse kuti manambala ake agwirizane ndi masamba atsopanowo.