Nkhani ya Mbona ikafotokozedwa ndi amene anamuthamangitsa

Ife kuno ku Chigwa cha Shire nkhani ya Mbona timaidziwa mwa njira yathu: mvula inakana, a Mlauli, malume ake a Mbona, anavina koma sinagwe, Mbona atavina inagwa, nsanje inalowa, iye nkuthawira kummwera mpaka anamupha ku Ndione ndipo mutu wake unakaikidwa ku Khulubvi, ku Nsanje. Ena amati amene anatuma anthu omupha ndi Lundu. Mulimonsemo, womvera amakhala mbali ya Mbona kuyambira pachiyambi, amadziwiratu kuti munthuyu ndi wosalakwa.

Nde tiyerekeze wolemba novo watenga nkhani yomweyi nkuipereka mkamwa mwa mmodzi mwa anyamata omwe anatumidwa kukamugwira, uja mu nthano alibe ndi dzina lomwe, amangoti "adani ake". Zochitika sizisintha ayi, Mbona afabe. Chosintha ndi zomwe owerenga akuloledwa kudziwa.

Mnyamatayu sakudziwa za nsanje ya akuluakulu, iye chomwe waona ndi mapira atauma mmunda, mwana wa mlongo wake akulira njala, kenako wamkulu yemwe amamukhulupirira wamuuza kuti munthu ujayu ndi mfiti, nde ukamawerenga umapezeka ukuyenda naye limodzi, ludzu lake ukulimva, mwinanso ukufuna amupeze. Afika pamene mikondo ikukanika kumulasa Mbona. Mu nthano ya pakamwa apa mpamene timasangalala kuti taonani mphamvu. Koma kwa wogwira mkondo ndi zoopsa zenizeni, chifukwa kaya ndi umboni woti ndi mfitidi kaya woti akupha munthu wa Mulungu, iye sangasiyanitse. Ndipo Mbona akawaululira yekha chomwe chingamuphe, mnyamatayu ndi amene atsale ndi funso loti bwanji sindinabwerere. Nkhani ya nsanje ija yasanduka ya kumvera lamulo, komanso ya mmene munthu wabwinobwino amakhetsera mwazi.

Ine zolemba za ophunzira ndikamaziona, pomwe ambiri amagwa mpakuti amamupatsa munthu wamng'onoyu maso oona paliponse. Akudziwa zomwe a Mlauli ananong'ona kuseri, akudziwa kuti Khulubvi idzakhala kachisi, penanso akuyankhula ngati wachita kosi ya ufulu wachibadwidwe. Kuyesa kwake nkosavuta: pomwe pali "ndinaona" ikanipo "anaona". Ngati nkhani ikuyendabe chimodzimodzi ndiye kuti wolemba wangosintha dzina la wofotokoza basi. Wofotokoza weniweni amayenera kuphonya zina, kumva mphekesera, kulakwitsa kumene.

China nchoti Mbona si kalulu wa mnthano za madzulo, ku Khulubvi anthu amathirabe nsembe. Wolemba ali ndi ufulu wopeka maganizo a mnyamata wopanda dzina uja, pamenepo mpata ulipo wambiri, koma akayamba kusintha miyambo ya kukachisi kuti nkhani ikome, owerenga a Chimang'anja amutulukira tsamba loyamba lomwelo.