Ovadirafiti si ndalama zanu

"Mu akaunti mwatsala 100,000." Mawu amenewa ndatopa nawo kuwamva kwa anthu amene mu akaunti mwawo mulibe ngakhale kakobiri. Chimene aona pafoni ndi gawo la ovadirafiti limene sanaligwiritse ntchito. Banki inawalola kutapa mpaka 300,000 kupitirira ndalama zawo, atapa kale 200,000, ndiye chotsalacho akuchiwerengera ngati chawo. Ayi ndithu. Munthu ameneyu ali ndi ngongole ya 200,000, ndipo ikubereka usiku uliwonse.

Ndikuti usiku uliwonse chifukwa umu ndi mmene chiwongoladzanja chake chimawerengedwera. Pakutha pa tsiku banki imaona kuti akaunti yamira bwanji, n'kuchulukitsa ndalamazo ndi chiwongoladzanja cha pachaka, kenako n'kugawa ndi masiku 365. Tiyerekeze kuti mwagwirizana 30 peresenti pachaka. Pa 200,000, chiwongoladzanja cha chaka chonse ndi 60,000, kutanthauza 164 patsiku. Mukabweza pakatha masiku 10, mwalipira 1,644 basi. Apa ndiye pali ubwino wake, ndipo sindiubisa. Ngati malipiro achedwa sabata imodzi, kapena wokugulani katundu walonjeza kulipira Lachisanu pomwe antchito akufuna zawo lero, ovadirafiti imakhala yotchipa kuposa ngongole yobweza mwezi ndi mwezi, poti mumalipirira ndalama zokhazo zimene mwatapa, kwa masiku okhawo amene mwakhala nazo. Komabe funsani za ndalama yotsegulira, chifukwa mabanki ambiri amadula gawo lina la malire onse amene akupatsani, kaya mutapa kaya simutapa.

Vuto ndi lakuti 164 saopsa munthu. Pali mayi wina amene nkhani yake imandipwetekabe mtima. Anagula makina osokera ndi 200,000 ya ovadirafiti, akuti abweza pang'onopang'ono. Koma ovadirafiti ilibe tsiku lokukakamizani kubweza gawo lakutilakuti. Malipiro awo akalowa, akaunti inkayandama masiku ochepa, kenako lendi ndi chakudya n'kuimizanso pomwe paja. Mwezi ukatha banki inkasonkhanitsa chiwongoladzanja cha masiku onse, chofika pafupi ndi 5,000, n'kuchiwonjezera pa ngongoleyo, moti mwezi wotsatira chiwongoladzanjacho nachonso chinkabereka. Miyezi 6 itakwana, chiwongoladzanja chinali chitayandikira 30,000, pomwe 200,000 ija inali pomwepo osasuntha.

Akanatenga ngongole ya miyezi 6 pa 30 peresenti yomweyo, yowerengera pa ndalama zotsala, bwenzi akubweza pafupifupi 36,300 mwezi uliwonse. Ndi zowawa, inde. Koma mwezi uliwonse ngongoleyo ikanatsika, chiwongoladzanja chonse chikanakhala pafupifupi 17,900, ndipo mwezi wachisanu ndi chimodzi makinawo akanakhala awoawo. Ngongole ili ndi ndondomeko ndi tsiku lothera, ndipo malinga mukubweza bwino, banki singangodzuka n'kuitanitsa ndalama zonse. Ovadirafiti ndi yosiyana. Pamgwirizano wake nthawi zambiri pamalembedwa kuti banki ikhoza kuchepetsa malire kapena kufuna ndalama zake nthawi iliyonse. Anthu amasainira osawerenga mzere umenewo. Mayi aja atasintha ntchito, malipiro anasiya kudutsa mu akauntiyo kwa kanthawi, banki inaona kuti palibe cholowa, n'kuwalembera kuti abweze zonse. Anabwera kudzandifotokozera vutoli mochedwa, atapita kale kwa akatapila kukafuna ndalama zobwezera banki. Kumeneko ndiye kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje, chifukwa katapila amafuna pamwezi umodzi chimene banki imafuna pachaka, mwinanso kuposa.

China chimene chimagwetsa anthu ndi kukhala pamalire penipeni. Mwatapa 299,000 pa 300,000, mukuganiza kuti muli mkati. Mwezi ukutha, chiwongoladzanja chikulowa, ndipo mwadumpha malire musanagule kanthu. Gawo lopitirira malire kawirikawiri limakhala ndi chiwongoladzanja cha chilango, ndipo cheke kapena malipiro amene munalamula banki kuti izidula yokha akhoza kubwezedwa, inu n'kudulidwanso ndalama pa kubwezako. Amene munkawalipira nawonso akudikira.

Tengani sitetimenti ya miyezi itatu yapitayi, muyang'ane mwezi uliwonse tsiku limene akaunti inali pabwino kwambiri. Ngati ngakhale patsiku la malipiro inali idakali pansi pa ziro, kapena inangoyandama masiku awiri atatu, ndalama imene sichokayo yasanduka ngongole yokhazikika. Pitani ku banki kalata isanabwere, mukapemphe kuti gawo limenelo alisandutse ngongole yobweza mwezi ndi mwezi, ndipo malire a ovadirafiti awatsitse tsiku lomwelo. Mukawasiya mmene alili, mudzatapanso, n'kukhala ndi ngongole ziwiri.