Kodi s = rθ ndi Yolakwika?

Wophunzira wa ku Matero wafunsa: "Utali kuchokera pakati pa bwalo kufika m'mphepete ndi masentimita 6, ngodya ndi madigiri 60. Ndachulukitsa mwa s = rθ, ndapeza 360. Sichoncho kodi?"

Ayi mwanawe, cholakwachi n'chakale ndipo chimandiwawa. Njirayi imapeza s, utali wa kachigawo ka mzere wozungulira bwalo, pochulukitsa r, utali kuchokera pakati, ndi θ, ngodya; koma ngodyayo iyenera kukhala m'maradiyani basi. Madigiri 180 ndi maradiyani π, choncho 60 ndi π/3. Tsono 6 × π/3 ndi masentimita pafupifupi 6.28. Ukanazindikira wekha: mzere wonse wozungulira bwalolo ndi masentimita 37.7 okha, ndiye kachigawo kake sikangafike 360.

Pa kukula kwa malo a m'kati mwa chigawo cha bwalocho, ½r²θ imafunanso maradiyani: ½ × 36 × π/3 ndi masikweya sentimita 18.85. Ukakonda madigiri, tenga 60/360 ya πr². Yankho silisintha.