Kulemba mbiri ya munthu wina mutacheza naye: mafunso ndi mayankho

Andipempha kuti ndilembe mbiri yaifupi ya mayi wina amene akalankhule pamsonkhano. Ndiyambire pati?

Yambirani kwa amene akonza msonkhanowo, musanapite n'komwe kwa mayiwo. Afunseni kuti mbiriyo aika pati ndipo akufuna mawu angati. Ya papepala la pulogalamu kawirikawiri imakwana m'mawu 80 mpaka 120. Yoti woyendetsa mwambo awerenge pachimkuzamawu isapitirire mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, chifukwa anthu akangoyamba kuyang'ana mafoni, mayiwo ndi amene amachita manyazi atakhala kutsogolo. Ngati mbiriyo adzaiikanso pa LinkedIn, gawo la About limalola zilembo 2,600, pamene pa X ndi zilembo 160 zokha.

Mugwirizanenso ngati mulembe ngati akulankhula ndi iwowo, "ndinayamba kusoka mu 2009", kapena ngati wina akunena za iwo, "anayamba kusoka mu 2009". Ya pamsonkhano imakhala yachiwiriyi. Kenako pemphani mapepala amene ali nawo: sivii, masatifiketi, mbiri yakale ngati ilipo. Zimene zili papepala musakatayire nthawi kuzifunsa. Mphindi 30 kapena 40 zocheza nawo zikhale za zinthu zimene pepala silinena.

Ndikawafunse mafunso otani?

Funso loti "tandiuzeni za moyo wanu" lisiyeni kunyumba. Munthu amayambira kumudzi kwa agogo ake, ndipo nthawi imatha asanafike ku sekondale. Funsani zochitika, chimodzichimodzi.

Ine ndimayamba ndi dzina. Mukufuna lilembedwe bwanji, ndipo patsogolo pake pakhale chiyani? Ena amafuna Mayi, ena Abusa, ena Shehe, ena dzina laufumu, ena amanyadira mfunda wawo kuposa dzina la amuna awo. Apatseni cholembera alembe okha, chifukwa Chirwa ndi Chilwa amamveka chimodzimodzi m'khutu koma eni ake amadziwa kusiyana kwake.

Kenako ndimafunsa kuti panopa amachita chiyani tsiku ndi tsiku, ndipo amachitira ndani. Ndikachoka apo ndimabwerera m'mbuyo: tsiku loyamba pantchito imeneyi linali lotani, munali kuti, munayamba ndi chiyani m'manja? Ndi liti pamene zinthu zinasintha? Ndi ntchito iti imene mukaikumbukira mumati apa ndinagwira? Yankho lililonse lizitsatidwa ndi timafunso tating'onoting'ono: chaka chanji, kuti, anthu angati, kenako chinachitika n'chiyani.

Mafunso awiri ndimasungira kumapeto, munthu atamasuka. Loyamba: anthu amene adzakhale muholomo, mukufuna adzadziwe chiyani za inu musanayambe kulankhula? Lachiwiri: pa zonse takambiranazi, ndi ziti zimene simukufuna zilembedwe? Lachiwirili anthu ambiri amaliiwala, komatu ndi limene limapulumutsa ubale. Munthu akamasuka amatha kukuuzani za ukwati umene unatha, ngongole, matenda, kuchotsedwa ntchito. Wakuuzani monga mnzake wocheza naye, sanakuuzeni kuti mukauze holo yonse.

Jambulani mawu pafoni, koma mupemphe kaye, ndipo pempholo limveke m'zojambulazo. Zaka ndi manambala muzilembanso m'kope.

Nanga ngati munthuyo akungoti "palibe chachikulu chimene ndachita"?

Zimachitika kwambiri, makamaka kwa amayi achikulire amene anakula akuuzidwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo. Musawakakamize kudziyamikira. Sinthani funso kuti likhale la anthu ena kapena la zinthu zowerengeka.

Ndinachezapo ndi mayi wina wosoka zovala amene gulu lina linawaitana kuti akalankhule kwa atsikana. Nditawafunsa zimene akwanitsa, anangoseka n'kunena kuti iwo ndi telala chabe. Ndinayang'ana m'shopumo n'kuona makina asanu, ndiye ndinafunsa kuti oyamba anali ati. Anandilozera akale opalasa ndi phazi amene anali pakona atafundidwa chitenje, nati anawagula ndi ndalama za chipereganyu ndipo ankasokera pakhonde la golosale ya munthu wina. Ndinafunsa kuti atsikana amene akusoka apawa anaphunzira kuti. Anati pomwepa. Angati aphunzira pano? Anatulutsa kope la sukulu lothimbirira m'mene ankalembamo mayina, tinawerenga limodzi, anakwana 37. Mbiri yonse inatuluka m'makina akale aja ndi m'kope lija, mayiwo osadzitama ngakhale kamodzi.

Zimene andiuza ndingozikhulupirira?

Munthu sanama dala nthawi zambiri, koma zaka zimasokonekera m'mutu. Chilichonse chimene chili ndi chaka, nambala, udindo kapena dzina la bungwe chiyerekezeni ndi pepala. Satifiketi ya kosi ya milungu iwiri si dipuloma. Wogwirizira mpando kwa miyezi itatu sanali mkulu wa bungwe. Amene anayambitsa gulu ndi anzake anayi alembedwe kuti ndi m'modzi mwa oyambitsa, apo ayi anzakewo akadzawerenga padzabuka mlandu, ndipo mlanduwo udzagwera mwini mbiri, osati inu.

Samalaninso ndi mayina a sukulu amene anasintha. Munthu amene anamaliza maphunziro ku Polytechnic mu 2005 digiri yake ndi ya University of Malawi, chifukwa Polytechnic inasanduka MUBAS n'kuyamba kuima payokha mu 2021. N'chimodzimodzi College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, zimene tsopano ndi KUHeS. Lembani dzina limene lili pasatifiketi, ndipo ngati malo alipo onjezani kuti panopa imatchedwa chakuti.

Ndilembe bwanji kuti isamveke ngati sivii, komanso imveke ngati yawo?

Chiganizo choyamba chinene kuti munthuyu ndani lero ndiponso chifukwa chake waima kutsogolo kwa anthu amenewa. Kubadwa ndi sukulu zibwere pambuyo, ngati zikufunika n'komwe. Ya mayi wosoka uja ndinalemba motere, dzina ndabisa:

"Mayi Uje ndi telala ndipo ali ndi shopu yosoka zovala imene imaphunzitsanso atsikana. Anayamba ndi makina amodzi opalasa ndi phazi amene anagula ndi ndalama za chipereganyu, akusokera pakhonde la golosale. Lero ali ndi makina asanu, ndipo atsikana 37 aphunzira kusoka m'manja mwawo. Lero akamba za m'mene munthu angawerengere mtengo wa chovala kuti asamagwire ntchito yaulere."

Mulibe mawu ngati "olimbikira", "amasomphenya", "odzipereka". Mawu otere aliyense amalembedwa nawo, ndiye sanena kanthu za munthu uyu. Makina amodzi kufika asanu anena kale za kulimbikira.

Kuti imveke yawo, mvetserani zojambula zija n'kutolamo mawu amene iwo amagwiritsa ntchito. Mayiwa ankadzitchula telala, ndiye sindinawasandutse katswiri wa mafashoni. Mukamaliza werengani mokweza. Pamene lilime lapunthwa, woyendetsa mwambonso adzapunthwa pomwepo.

Ndikamaliza, chilolezo chawo ndichipeze bwanji?

Mwini mbiri ayambe kuiona iyeyo, okonza msonkhano asanaione. Mukaitumiza musangoti "onani ngati ili bwino", chifukwa ambiri amayankha kuti "zili bwino, zikomo" asanawerenge, pofuna kukulemekezani. Apatseni ntchito yeniyeni. Ine ndimalemba uthenga wonga uwu:

"Mayi, nayi mbiri ija. Chonde muonetsetse zinthu zitatu: kalembedwe ka dzina lanu, nambala ya atsikana 37, komanso ngati mukulola kuti za chipereganyu zitchulidwe. Ngati pali mawu amene simungalankhule inuyo, mundiuze. Okonza msonkhano akuifuna Lachisanu, ndiye ndingakondwe nditamva kwa inu pofika Lachitatu."

Ngati munthuyo amavutika kuwerenga, kapena mbiri ili m'Chingerezi pamene iye amamasuka m'Chichewa, muimbireni foni n'kumuwerengera chiganizo chimodzichimodzi, mukumasulira. Kuvomera chinthu chimene sanachimve bwino si kuvomera.

Zokonza zikabwera, konzani n'kutumizanso mbiri yonse, osati chiganizo chosinthidwa chokha. Pamwamba lembani deti. Kenako pemphani yankho lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp, lonena kuti avomereza mbiri ya deti limenelo kuti igwiritsidwe ntchito pamsonkhano wakutiwakuti. Wovutika kulemba atumize mawu ojambula. Kachithunzi ka chala chachikulu kokha ine sindikawerengera, chifukwa ena amatumiza kameneko pongotanthauza kuti uthenga wafika. Sungani yankholo pamodzi ndi mbiriyo.

Chilolezocho ndi cha mawu amenewo ndi malo amenewo basi. Okonza msonkhano akati mbiri yatalika, dulani mawu 30, yodulidwayo ibwererenso kwa mwini wake. Chithunzi chawo nachonso chimafuna chilolezo chake. Ndipo ngati pali mlembi kapena mwana wawo amene akukuyankhani m'malo mwawo, funsani poyera ngati mwini wake waiwerenga. Ndinaonapo mbiri itavomerezedwa ndi mlembi, mwini wake n'kudzamva koyamba muholo kuti zaka zake zobadwa zalengezedwa.

Akufuna ndiwonjezere zinthu zimene ndikudziwa kuti si zoona. Nditani?

Siyanitsani zinthu ziwiri. Akafuna kuchotsa china chake, kusintha kamvekedwe, kapena kuika za mpingo wawo patsogolo pa za bizinesi, ndi ufulu wawo, mbiri ndi yawo, ngakhale inu mukuona kuti poyamba inkakoma. Koma akati mulembe atsikana 100 pamene m'kope muli 37, kapena muike Dr. patsogolo pa dzina popanda digiri yotero, pamenepo kanani mwaulemu. Njira imene imagwira ntchito ndi kuwaonetsa amene adzavulale: m'holomo mudzakhala anthu owadziwa, ndipo mbiri ikapita kwa opereka thandizo la ndalama amatha kupempha umboni. Apatseni mawu ena oona amene akumvekabe bwino, monga "atsikana oposa 30". Amene ali ndi digiri yaulemu, lembani kuti ndi yaulemu ndipo tchulani yunivesite imene inapereka. Akaumirira, auzeni kuti chiganizo chimenecho awonjezere okha, inu mwapereka mbiri yopanda icho.

Dzina langa lidzaoneka? Nanga malipiro?

Silidzaoneka, ndipo muvomereze zimenezi musanayambe. Ngati mukufuna kudzaonetsa mbiriyo kwa makasitomala ena monga chitsanzo cha ntchito yanu, pemphani chilolezo padera, chifukwa ena safuna kuti zidziwike kuti anawalembera.

Za ndalama mukambirane tsiku loyamba, ndipo munene kuti mtengowo ukuphatikiza kucheza kamodzi ndi kukonza kawiri. Kupanda kutero mudzakonza kasanu ndi kawiri, pamene mbiriyo ikuzungulira kwa amuna awo, achimwene awo ndi abusa, aliyense akuwonjezera chiganizo chake. Ambiri amatenga theka poyamba, theka lina mbiri ikavomerezedwa. Mugwirizanenso za zojambula zija: muzifufuta liti, kapena muwapatsa eni ake. Muli zinthu zimene anati zisalembedwe, ndipo foni imatayika kapena kubwerekedwa.